Kabuku ka pamaliro a mayi aakulu

Pepala limodzi la A4 mukalipinda pakati limakupatsani masamba anayi. Mapepala awiri amakupatsani masamba 8, atatu amakupatsani 12. Palibe kapindidwe kamene kangakupatseni masamba asanu, kapena 9. Aliyense amene anakhalapo pa kompyuta usiku wa zovuta, amayi akuimba m'siwa iye akulemba pulogalamu ya maliro, amalidziwa lamulo limeneli, chifukwa ndi limene limamutuma kukafunsa mafunso amene banja likanakonda kuwazengereza. Malo akachepa, pamafunika wina anene kuti ichi chilowe, ichi chitsale. Ndipo wonenayo sayenera kukhala mwana amene wagwira kompyuta.

Kwathu ntchito imeneyi imagwera ine, chifukwa ndimagwira ntchito ya muofesi ndipo abale amati ndimadziwa zolembalemba. Imene ndimaikumbukira kwambiri ndi ya mayi aakulu, akulu awo a mayi anga. Iwo anakhala zaka zambiri ku Chileka, kumene anamanga ndi amuna awo chakufupi ndi bwalo la ndege, koma kwawo kunali ku Lirangwe, ndipo panalibe wokayika kuti akagona kumeneko pafupi ndi amayi awo. Anatisiya Lachitatu usiku kuchipatala mu Blantyre. Akuluakulu atakhala pansi anagwirizana kuti thupi lichoke ku mochale Lachisanu, lidzere kunyumba ku Chileka kuti anansi ndi a mpingo wawo atsanzike, kenako lidutse pa Kameza, Lunzu ndi Matindi kukagona ku Lirangwe, kuika Loweruka. Choncho panali nyumba ziwiri, mipingo iwiri ya CCAP, mafumu a mbali ziwiri, ndi kabuku kamodzi koti kanyamule zonsezo.

Chinthu choyamba chimene ndimachita si kuyatsa kompyuta. Ndimatenga mapepala awiri osalemba, n'kuwasanjikiza, n'kuwapinda pamodzi. Kenako ndimalemba manambala ndi bolopeni kuyambira pachikuto, 1 mpaka 8, monga momwe munthu angatsegulire powerenga. Ndikawatambasula, mapepala aja amandiuza okha momwe makina osindikizira adzawaonere:

```
8 | 1
2 | 7
6 | 3
4 | 5
```

Mizere iwiri yoyambayo ndi kunja ndi mkati mwa pepala lachikuto, iwiri yomalizayo ndi kunja ndi mkati mwa pepala lapakati. Njira yosavuta yodziwira ngati mwasanja bwino ndi kuwonkhetsa: masamba awiri ogona mbali imodzi ya pepala ayenera kupereka 9 m'kabuku ka masamba 8, ndipo 13 m'kabuku ka masamba 12. Komanso tsamba la nambala yogawika ndi 2 limakhala kumanzere nthawi zonse. Kabuku kosalemba kameneka ndimakasunga m'thumba mpaka ntchito itatha. Ndi kamene ndimapita nako kwa malume, chifukwa munthu wamkulu sungamufotokozere za masamba pa galasi la kompyuta, koma ukamupatsa pepala lopinda m'manja amaona yekha kuti malo ndi awa, atha apa.

Lachinayi madzulo zinthu zonse zimene abale anabweretsa zinakwana masamba 9. Panali ndondomeko ya Lachisanu, ndondomeko ya Loweruka, mbiri yaitali imene mwana wawo woyamba analemba m'kope, maina a ana ndi zidzukulu, mndandanda wa oika nkhata, mawu onse a nyimbo zitatu, zithunzi zoposa khumi, ndi mawu othokoza. Njira zinali ziwiri basi: kukwera kufika pa 12 kapena kutsika kufika pa 8. Tinkafuna timabuku 150. Pa masamba 8 ndiye mapepala 300, mbali zosindikiza 600, ndipo paketi imodzi ya mapepala 500 imakwana n'kutsalako oti n'kuwononga poyesa. Pa masamba 12 ndiye mapepala 450, mbali 900. Kusiyana kumeneko ndi ndalama, ndipo ndalama za pamaliro zimachokera m'mbale imodzi ya chipepeso imene ikuyeneranso kugula ufa, nyemba, nkhuni ndi mafuta a galimoto.

Ndinakagwada pafupi ndi malume, mwinimbumba, panja pamene abambo anakoleza moto.

"Malume, pepala lachepa. Tichotse chiyani?"

Anatenga kabuku kosalemba kaja, n'kukatembenuza kangapo. "Nyimbo anthu akuzidziwa, mphwanga. Amayi a Mvano sadikira pepala lako kuti ayambe kuimba. Chotsa nyimbozo. Koma dzina la munthu usachotse ngakhale limodzi."

Uphungu umenewu ndimautsata mpaka lero, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi wolondola. Mawu a nyimbo ali m'mabuku ndi m'mitima ya anthu. Chokwanira ndi kulemba nambala, komanso dzina la buku limene nambalayo yachokera, popeza pamaliro a kwathu pamakhala a mipingo yambiri: wa CCAP watenga Nyimbo za Mulungu, wa Seventh Day watenga Khristu mu Nyimbo, ndipo nambala imodzi sipereka nyimbo imodzi m'mabuku awiriwa. Chimodzimodzinso mawu a Mulungu. Tinangolemba kuti 1 Atesalonika 4:13-18, osakopera ndime yonse, ndipo ngakhale zimenezo tinalemba abusa atatiuza okha kuti ndi pamene adzawerenge.

Pamaina m'pamene pali ntchito yeniyeni. Mayi aakulu anabereka ana asanu, koma analeranso mwana wa mng'ono wawo amene anamwalira kalekale, ndipo m'nyumbamo anakuliramonso mwana wa amuna awo wa kubanja loyamba. Kope lija linati anasiya ana asanu. Pakamwa, woimira banja akhoza kunena asanu, wina n'kumunong'oneza, iye n'kukonza pomwepo, anthu n'kuiwala. Pa pepala sizitero. Mwana amene anasamalira mayiwa m'chipatala usiku ndi usana akatsegula tsamba 7 n'kusapeza dzina lake, bala limenelo amapita nalo kwawo, ndipo kabukuko amakasunga. Ine sindinalembe chilichonse mpaka malume, bambo aakulu ndi mwana woyamba uja atakhala pamodzi. Anamvana kuti tilembe kuti anabereka ana asanu ndipo analera asanu ndi awiri, maina onse n'kusanjidwa potsata kubadwa, popanda mzere wowalekanitsa. Chiganizo chimenecho n'chachifupi, koma chinatenga nthawi yaitali kuposa tsamba lina lililonse, ndipo nthawiyo sinapite pachabe.

Panalinso nkhani ya chaka chobadwa. Chiphaso cha unzika, chija anthu anajambulitsa m'chaka cha 2017, chinati 1952. Koma agogo ena a ku Lirangwe, msuweni wa malemu, anakana kwamtuwagalu. Anati mayiwa anabadwa chaka cha njala, ali khanda amayi awo ankawabereka kumbuyo popita kukasuma. Njala imene akuluakulu a m'boma la Blantyre amatchula motero ndi ya 1949, imene inasautsa kwambiri midzi ya ku Lunzu ndi madera oyandikira. Kusiyana kwa zaka zitatu kotereku n'kofala pakati pa anthu a msinkhu umenewo, chifukwa ambiri anabadwira m'mudzi popanda kalata, ndipo tsiku lolembetsa ankangotchula chaka chimene akuganiza. Tinafunsa ngati khadi la ubatizo lilipo. Linapezeka m'Baibulo lawo, ndipo linagwirizana ndi agogo aja. Pachikuto tinalemba 1949, chaka chokha, popanda tsiku kapena mwezi. Ndaonapo timabuku tambiri tolembedwa kuti munthu anabadwa pa 1 Januwale, pamene banja lonse likudziwa kuti tsikulo langoikidwa kuti mpata usakhale wopanda kanthu. Kulemba chaka chokha si umbuli ayi. Ndi kunena zimene tikudziwa n'kulekera pomwepo.

Ndondomeko ya mwambo inatenga masamba 2 ndi 3, Lachisanu kumanzere, Loweruka kumanja, kuti munthu akatsegula aone ulendo wonse nthawi imodzi. Apa mwana wa m'tauni amalakwitsa kawirikawiri, chifukwa amakopera pulogalamu imene anaiona pamaliro a bwana wina mu Blantyre, yoyamba ndi pemphero n'kumatsika ndi maminitsi: 9:00, 9:05, 9:15. Kumudzi maliro ndi a mfumu asanakhale a mpingo. Mfumu ndi imene imalola kuti manda akumbidwe, ndipo adzukulu ndi amene amanena kuti nyumba yatha. Anthu asanamve mawu amenewo, bokosi silinyamuka, kaya pepala likuti nthawi yakwana. Mayi aakulu tinawaika mu Okutobala, nthaka ya ku Lirangwe itauma gwa, ndipo aliyense ankadziwa kuti adzukulu achedwa. Choncho pa Loweruka tinalemba nthawi imodzi yokha, yoyambira kuona nkhope. Zina zonse tinangozisanja motsatana. Pa Lachisanu m'pamene tinaika nthawi zenizeni, yonyamukira ku mochale ndi yonyamukira ku Chileka.

Kusanja olankhula ndinakusiya m'manja mwa malume ndi nduna ya mfumu, ine n'kumangolemba. Anayamba ndi woimira banja la kuchikazi, kumene malemu anabadwira, kenako wa kuchimuna, kenako wowerenga mbiri, wolengeza chipepeso, mfumu ya ku Chileka imene inaperekeza thupi, nyakwawa ya pamudzi, ndipo pomaliza a gulupu, amene amapereka mwambo m'manja mwa mpingo. Kalankhulidwe kamakwera kuchoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, ndipo mukaika nyakwawa pambuyo pa gulupu mwalakwira onse awiri pamaso pa anthu awo. Midzi imasiyana pang'ono pa zimenezi, n'chifukwa chake kufunsa kumaposa kukumbukira za maliro apitawo. Pa mizere ya mafumu sitinalembe maina a anthu koma maudindo, n'kuwonjezera kuti "kapena owaimira", popeza mfumu nthawi zambiri imalankhula kudzera mwa nduna yake. Tinasiyanso mzere umodzi wongoti "Alendo ena". Khansala kapena phungu akhoza kutulukira mosayembekezeka, ndipo woyendetsa mwambo amafuna poti amulowetse popanda kuoneka ngati waphwanya pulogalamu.

Gawo la mpingo ndinalitengera kwa mkulu wa mpingo wa ku Lirangwe, amene anandiuza kuti ndilembe mwachidule: pemphero, nyimbo, kuwerenga mawu, ulaliki, ulendo wa kumanda, kutsitsa bokosi, kukwirira, kuika nkhata, mdalitso. Anandichenjeza pa chinthu chimodzi. "Mwana wanga, makwaya usawalembe maina. Akabwera asanu ndi limodzi iwe utalemba atatu, otsalawo adzati tawakana." Tinangolemba kuti makwaya adzaimba monga adzaitanidwire. Mndandanda wa nkhata wokha ndi umene tinaulemba mwatsatanetsatane, kuyambira amuna awo, ana, zidzukulu, alongo, a kuchimuna, amayi a Mvano, mafumu, mpaka mpingo, chifukwa kumanda anthu atopa, dzuwa lili paliwombo, ndipo woitana akayamba kufunsafunsa pamakhala chisokonezo.

Tsopano za zithunzi, zimene zimadya ndalama zambiri m'kabuku kotere. Osindikiza amalipiritsa pa mbali ya pepala, ndipo mbali ya makaka imadula kuposa yakuda ndi yoyera, ngakhale pakhale kachithunzi kamodzi kakang'ono. Mukayang'ananso manambala aja muona kuti kabuku ka masamba 8 kali ndi mbali zinayi zokha. Chithunzi cha pachikuto chili pa mbali ya 8 ndi 1. Mukaika zithunzi zina zonse pakati, pa masamba 4 ndi 5, ndiye kuti mbali ziwiri zokha ndi zimene zikufuna makaka, zina ziwirizo zikhoza kupita pa fotokope wamba. Koma mukamwaza zithunzi, china pa tsamba 2, china pa tsamba 6 pafupi ndi mbiri, mwalowetsa mbali zonse zinayi pa mtengo wa makaka. Pa timabuku 150, kumeneko ndi kusiyana kwa mbali 300 ndi mbali 600. Pakati paja palinso ubwino wina: ndi malo okhawo pamene chithunzi chimodzi chingadutse popinda osaduka, chifukwa masamba 4 ndi 5 ali pa pepala limodzi. Ife tinaikapo chithunzi cha banja lonse chojambulidwa paukwati wa mdzukulu, titaonetsetsa kuti popinda, pamene padzalowe mapini, sipadutsa pankhope ya munthu.

Chithunzi cha pachikuto chinativuta kusankha. Ana ankafuna chimene mayiwa anavala yunifolomu ya Mvano, bulauzi yoyera ndi duku loyera, chifukwa ndi momwe anthu a ku Chileka ankawadziwira. Chimene tinali nacho chinali chitadutsa m'mafoni angapo pa WhatsApp, ndipo WhatsApp imachepetsa chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse. Pa foni chimaoneka bwino, koma pa pepala nkhope imasanduka timabokosi. Pali kawerengedwe kosavuta. Kuti chithunzi chituluke chakuthwa pamafunika timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndiye chithunzi cha masentimita 10 m'lifupi ndi 13 m'litali, chimene chimakhala bwino pa chikuto cha A5, chiyenera kukhala ndi mapikiselo pafupifupi 1200 ndi 1500. Chathu chinali chosafika ndi theka lomwe. Tinafufuza amene anajambula, mdzukulu amene ali ku Joni, n'kumupempha kuti atumizenso posankha `Document` m'malo mwa `Gallery`. Chinafika chathunthu.

Chovala choyera chili ndi vuto lakenso. Kamera ikaona kuyera kwambiri imadetsa zina zonse, ndipo fotokope imawonjezera mdimawo. Ndalandirapo kabuku pamaliro ena pamene pachikuto pankaoneka duku ndi bulauzi, koma pakati pake pali bii, maso osaoneka. Zimapweteka, chifukwa chithunzi chimenecho ndi chimene amasiye amachiyang'ana kwambiri. Mankhwala ake ndi kuwalitsa chithunzicho chisanasindikizidwe, mpaka pa kompyuta chizioneka ngati chawala mopyola pang'ono, kenako kusindikiza chimodzi n'kuchiona panja pa kuwala kwa dzuwa. Ngati timabuku tina tidzapita pa fotokope, yesani pa fotokope yomweyo, musadalire chimene chatuluka mu pulinta. Ndipo chithunzi musachikoke mbali imodzi kuti chidzaze malo. Gwirani pakona pokulitsa. Mukakoka m'mbali, munthu wowonda amanenepa, ndipo achibale amaona msanga kuti awa si iwo.

Pa kompyuta pali njira ziwiri zimene ndimazikhulupirira. Yoyamba ndi ya mu Word: pa `Layout`, `Margins`, `Custom Margins`, pamene palembedwa `Multiple pages` musankhe `Book fold`. Mukatero mumalemba masamba anu motsatana, 1 mpaka 8, ndipo Word imawasanja yokha posindikiza. Musanalembe chilichonse onani kuti pepala lili pa `A4`. Makompyuta ambiri amabwera ali pa `Letter`, pepala la ku Amereka la mamilimita 216 ndi 279, pamene lathu ndi 210 ndi 297. Mukapanda kusintha, pakati pa zolemba sipagwirizana ndi pakati pa pepala, ndipo mukapinda tsamba lina limakhala ndi mpata waukulu, linzake mawu atatsamira popinda. Njira yachiwiri, imene ndimaikonda ndikamapita kukasindikiza kwa ena, ndi kulemba pa masamba a `A5` motsatana, kusunga ngati PDF, n'kukatsegula mu Adobe Acrobat Reader, pamene pa `Print` pali `Booklet`. PDF imasunga zilembo ndi malo momwe munazisiyira. Fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina yopanda mtundu wa zilembo zanu, mizere imasuntha, ndipo masamba 8 akhoza kusanduka 9 inu musakudziwa.

Zilembo ndimaika pa 12, ndikapanikizika 11, osatsikanso. Owerenga ambiri pamaliro ndi achikulire, akhala pansi pa mtengo kapena m'tenti, magalasi anasiya kunyumba. M'mphepete ndimasiya mamilimita 12, ndipo chakopinda 15. Makina wamba safika kumapeto kwenikweni kwa pepala, amasiya kamzere koyera, choncho zokongoletsa zofika m'mphepete zimangotuluka zodukaduka. Maluwa ndi nkhunda zambirimbiri ndimazipewa. Chikuto chokhala ndi chithunzi, dzina lonse, zaka ziwiri, mudzi, mfumu ndi tsiku loika chimakhala ndi ulemu wokwanira.

Lachisanu m'mawa, ena akupita ku mochale, ine ndinapita kukasindikiza. Kwa munthu wa ku Chileka kapena ku Lirangwe, malo apafupi okhala ndi mashopu angapo a zosindikiza ndi pa Lunzu, ndipo ndi bwino kupita m'mawa, magetsi akadalipo, kusiyana ndi kudikira madzulo a tsiku lomaliza. Pa shopu pali zinthu ziwiri zimene zimawononga mapepala ambiri. Choyamba ndi katembenuzidwe. Posindikiza mbali zonse ziwiri, makina amafunsa ngati atembenuzire ku mbali yaitali kapena yaifupi. Pa kabuku kopinda yankho ndi `Flip pages on short edge`. Mukasankha inayo, chikuto chimatuluka bwinobwino koma mukatsegula mupeza masamba a mkati ali chadodolido. Chachiwiri ndi kusanja kawiri. Ngati inu munasanja kale masamba awiriawiri, 8 ndi 1, 2 ndi 7, wa pashopu n'kusankhanso `Booklet`, makina amatenga mbali zanu zinayi ngati masamba anayi, n'kuzichepetsa, n'kuzisokoneza. Muuzeni momveka kuti fayilo ili motsatana kapena ndi yosanjidwa kale.

Mnyamata wa pashopu imene ndinapita anali wachangu, ndipo anafuna kuyamba zonse nthawi imodzi.

"Achimwene, tiyambe tatulutsa kamodzi kokha," ndinatero.

Tinatulutsa, n'kupinda, n'kukalinganiza ndi kabuku kanga ka bolopeni tsamba ndi tsamba. Kenako ndinaimbira malume n'kuwawerengera maina onse mokweza, kuyambira pachikuto mpaka kothokoza. Kuwerenga mokweza kumagwira zimene maso amadumpha, makamaka ngati usiku wonse sunagone. Ndi bwinonso kuti wina amene sanalembe nawo awerenge, chifukwa wolemba amaona zimene ankafuna kulemba. Malume atanena kuti zili bwino m'pamene tinatulutsa mbali ziwiri za makaka, kenako n'kubwezera mapepalawo m'makina kuti kumbuyo kwake kulowe zakuda. Pobwezerapo tinayesanso pepala limodzi, chifukwa makina alionse ali ndi mbali yake imene amakokera.

Za mtundu wa pepala ndi inki sindinena zambiri. Pepala wamba la magalamu 80 limakwana mkati. Chikuto chikakhala cha magalamu 160 chimalimba m'manja mwa thukuta, koma chimafuna kuti mudinde mzere ndi msana wa mpeni musanapinde, apo ayi chimasweka popinda. Ngati maliro ali m'dzinja, funsani ngati pulinta ndi ya inki yamadzi, chifukwa dontho limodzi la mvula limasungunula nkhope yonse. Ya inki yaufa sichita zimenezo.

Kupinda tinapindira ku Lirangwe usiku, pakhonde la nyumba ya mayi anga, atsikana ndi anyamata a pabanja atazungulira tebulo. Wina ankasanjikiza pepala lapakati pa lachikuto, wina kupinda, wina kusalaza ndi botolo, wina kumenya mapini. Sitepula wamba ya muofesi sifika pakati, chifukwa kuchoka m'mphepete kufika popinda pali mamilimita 148. Ngati yaitali palibe, mumatambasula sitepula, n'kugoneka kabuku chafufumimba pa katoni, n'kumenya mapini awiri pamzere wopinda kuchokera kunja, kenako n'kupinda timiyendo take mkati ndi supuni. Ntchito imeneyi ndimaikonda kuisiyira achinyamata. Pamaliro ambiri amangoyendayenda osadziwa pogwira, ndipo usiku umenewo ndinaona mdzukulu wina, wa sekondale, ataleka kupinda n'kuyamba kuwerenga tsamba 6. Anali asanamvepo kuti agogo ake anayamba kugulitsa mandasi kuti alipirire mlongo wawo sukulu, mlongoyo n'kukhala malume omwe aja.

Pali funso limene limandivuta, ndipo ndiyenera kulinena. Kabuku ka pamaliro ndi mwambo umene wafika kumidzi kuchokera m'tauni, ndipo wayamba kulemera mabanja amene sangaukwanitse. Anansi athu achisilamu amaika maliro tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake popanda pepala lililonse, ndipo palibe amene anganene kuti malemu awo alibe ulemu. Makolo athu ankaikidwa ndi mawu a pakamwa okha. Ndikaona banja likuchotsa ndalama ya ufa wa anamalira kuti lisindikize masamba 12 onyezimira, mtima umandiwawa. Wina akandipempha thandizo ndipo ndikuona kuti m'nyumbamo mulibe, ndimamuuza kuti pepala limodzi lopinda ndi lokwana: chikuto, ndondomeko, mbiri ndi maina, kuthokoza. Masamba anayi, 4 ndi 1 kunja, 2 ndi 3 mkati, popanda mapini, pa fotokope. Timapepala 40 tokha, ta mafumu, a mpingo, woyendetsa mwambo ndi ana. Komabe sindinganene kuti tisiye kulemba. Mayi ngati mayi aakulu, amene sanagwirepo ntchito ya boma kapena kutuluka m'nyuzipepala, mbiri yawo yolembedwa ndi masamba awiri aja basi, 6 ndi 7. Kulibenso kwina kumene zinalembedwa kuti anabadwira kuti, analera ndani.

Loweruka timabuku tinagawa poyamba kwa mafumu, abusa ndi akulu a mpingo, kenako kwa abale, otsala n'kupita kwa anthu, titapatula 20 toti tisunge. Ndi bwino kupatula msanga, chifukwa pomafika masana sikakhala katsala, ndipo ana a malemu, amene amakhala m'siwa mpaka bokosi litatuluka, ndi amene amasowa. Abale a ku Joni ndi ku Lilongwe amene sanathe kubwera tinawatumizira PDF ya masamba otsatana, 1 mpaka 8. Ija yosanjidwira makina si yotumiza pa foni, chifukwa wolandira amayamba kuwerenga kuthokoza asanaone chikuto.

Patapita chaka banja linasonkha za chiliza, ndipo mmisiri wozokota mwala anapempha kuti timulembere dzina ndi zaka. Mwana woyamba uja anatsegula sutikesi n'kutulutsa kabuku, n'kukopera za pachikuto momwe zinalili. Izi zimachitika m'mabanja ambiri: chimene chinalembedwa mothamanga Lachinayi usiku ndi chimene chimakazokotedwa pamwala, ndipo cholakwika chikalowa pamenepo kuchikonza kwake n'kugula mwala wina. N'chifukwa chake maliro akatha, pa tsiku la kusesa abale asanabalalike, ndimatenga kabuku kamodzi n'kufunsa ngati pali amene waona cholakwika, kaya dzina, kaya chaka, kaya mudzi. Zimene anena ndimazilemba ndi bolopeni m'kabukumo, n'kukonzanso fayilo, ndipo kabuku kokonzedwako ndimakapereka kwa mwinimbumba.